Chimanga cha papepala: mmene mafyucha ndi maopushoni amayendera, ndi mmene ndalama zimatheramo

Mu February 2005 mvula inadula chimanga chikumasula, ndipo pofika nthawi yokolola aliyense m'Malawi ankadziwa kuti chaka chimenecho kuli njala. Anthu oposa 4 miliyoni anafunika thandizo la chakudya. Boma linali pakati pa moto ndi madzi. Kugula chimanga chochuluka ku South Africa nthawi yomweyo kunkafuna ndalama zambiri, chonsecho panalibe amene ankadziwa kuti amalonda ndi mabungwe othandiza alowetsa chimanga chochuluka bwanji. Kudikira nako kunali ndi vuto lake, chifukwa ikafika December, mayiko onse a kuno kum'mwera akulimbirana chimanga chomwecho, mtengo umakwera ndipo malole amasowa.

Mu September chaka chomwecho boma linachita chinthu chomwe linali lisanachitepo. Linagwirizana ndi Standard Bank ya ku South Africa kuti likhale ndi ufulu wogula matani 60,000 a chimanga choyera pamtengo womwe anagwirizana tsiku limenelo, kuphatikizapo mtengo wochinyamula kudzafika nacho kuno. Silinagule chimanga. Linagula ufulu wodzagula. Ufuluwo unali wa ndalama pafupifupi madola 1.5 miliyoni, ndipo analipira ndi boma la Britain kudzera ku nthambi yake ya DFID, pomwe akatswiri a World Bank anathandiza kukonza mgwirizanowo. Mitengo ikanatsika, boma likanangousiya ufuluwo n'kukagula chimanga pamsika. Koma mitengo inakwera mu November ndi December, boma linaitanitsa chimanga chake, ndipo chinafika chotsika mtengo ndi madola apakati pa 50 ndi 90 pa tani poyerekeza ndi mtengo wa nthawiyo.

Imeneyo ndiyo opushoni. Ili ndi m'bale wake wotchedwa fyucha, ndipo ziwirizi zinakhazikitsidwa kuti ziteteze alimi, ogaya ufa ndi ena amene moyo wawo umadalira mitengo. Chodabwitsa n'chakuti zida zomwezi ndi zimene zimapsereza ndalama za anthu m'masiku atatu, nthawi zina m'mphindi khumi. Kuti timvetse chifukwa chake, tiyeni tikhale pa chimanga chomwechi, pamsika wa ku Johannesburg womwe amalonda amautchabe SAFEX ngakhale kuti kuyambira 2001 uli m'manja mwa JSE.

Lonjezo la matani 100

Fyucha ndi lonjezo la anthu awiri: wina adzapereka katundu, wina adzalandira, pa mwezi wakutiwakuti, pamtengo womwe akugwirizana lero. Kumudzi timazidziwa kale. Mlimi amene wapanikizika mu February amatha kulonjeza venda matumba asanu a m'mwezi wa May pamtengo wa lero. Vuto la malonjezo otere ndi lakuti May akafika, mtengo utasintha, mmodzi mwa awiriwo amayamba kuzemba.

Msika wa mafyucha unathetsa kuzembako m'njira ziwiri. Yoyamba ndi yakuti makontirakiti onse ndi ofanana. Pa SAFEX kontirakiti imodzi ya chimanga choyera ndi matani 100, a giredi yodziwika, mtengo wake ndi wa marandi pa tani, ndipo amawerengera ngati chimangacho chili ku Randfontein. Miyezi yomwe anthu amachitira malonda kwambiri ndi March, May, July, September ndi December. Popeza makontirakiti onse a July ndi ofanana, munthu amene wagula imodzi lero akhoza kugulitsa ina mawa, ziwirizo n'kufafanizana, iye n'kutuluka osaonapo ngakhale njere imodzi ya chimanga. Ambiri amatuluka chonchi, ndipo ndi makontirakiti ochepa okha amene amafika poti chimanga chisinthe mwini m'nkhokwe.

Njira yachiwiri ndiyo mtima wa nkhani yonseyi. Wogula ndi wogulitsa sadziwana ndipo sakhulupirirana. Pakati pawo pamaima bungwe la msikawo, lomwe limakhala wogulitsa kwa wogula aliyense komanso wogula kwa wogulitsa aliyense. Kuti bungwelo lisagwe m'ngongole za anthu ena, limafuna chikole kwa onse awiri, ndipo madzulo alionse limawerengera. Mtengo ukakwera ndi R50 pa tani, limachotsa R5,000 kwa amene anagulitsa kontirakiti n'kupatsa amene anagula. Ukatsika limachita mosemphanitsa. Silidikira July. Limalipiritsa tsiku ndi tsiku, ndalama zenizeni.

Taganizani za mlimi wa ku Free State amene akuyembekeza kukolola matani 200. Mu December akuona kuti chimanga cha July chili pa R4,000 pa tani (manambala onse a m'zitsanzo zathu ndi ongoyerekeza, mitengo ndi zikole zimasinthasintha), ndipo mtengowo ukumukwanira kubweza ngongole ya feteleza ndi mafuta. Akugulitsa makontirakiti awiri. Mvula ikagwa bwino, aliyense n'kukolola, mtengo n'kutsika kufika R3,500, iye agulitsa chimanga chake motchipa koma pamsika wa mafyucha walandira kale R500 pa tani. Zonse pamodzi ndi R4,000. Kukakhala chilala, mtengo n'kufika R4,600, ataya R600 pa tani papepala koma chimanga chake agulitsa modula. Zonse pamodzi ndi R4,000 yomweyo. Sanalemere ndipo sanasauke. Wangogula tulo tabwino. Kampani yogaya ufa imachita zomwezo mbali inayo, kugula mafyucha kuti mtengo ukadzakwera isadzidzimuke.

Ndiye pali munthu wachitatu, amene alibe munda ndipo alibe chigayo. Iye ali ndi maganizo chabe akuti mtengo ukwera kapena utsika. Msika umamufuna munthu ameneyu, tisamunyoze, chifukwa popanda iye mlimi akanasowa womugula tsiku lomwe akufuna kugulitsa. Koma iye alibe chimanga m'nkhokwe choti chimubwezere zomwe wataya papepala.

Masiku atatu a munthu wa R100,000

Tinene kuti munthu wachitatuyu ali ndi R100,000 mu akaunti yake kwa buloka. Wamva kuti El Niño ikubwera ndipo akukhulupirira kuti chimanga chikwera. Kontirakiti imodzi pa R4,000 ndi katundu wa R400,000, koma chikole chake tinene kuti ndi R40,000 yokha. Iye akuwerengera kuti ndalama zake zikukwana makontirakiti awiri, n'kutsala ndi R20,000 yapadera. Akugula awiri.

Apa m'pamene ambiri amasokonezeka. Iye akuganiza kuti waika R80,000 pamsika. Zoona zake n'zakuti wanyamula chimanga cha R800,000, matani 200, ndipo phindu kapena kuluza kwake kudzawerengedwa pa matani 200 onsewo. Chikole si mtengo wa katundu, si theka lake, si ndalama yoyamba ya ngongole. Ndi ndalama yongosonyeza kuti mawa ukhoza kulipira. Kunyamula katundu woposa ndalama zako chonchi ndiko amati livareji, ndipo apa katundu waposa ndalama kasanu n'katatu.

Lolemba kwagwa mvula yabwino kumadera a chimanga, mtengo watsika ndi R80. Kutsika kwa 2 peresenti, nkhani yosafika n'komwe m'nyuzipepala. Koma R80 kuchulukitsa ndi matani 200 ndi R16,000, ndipo madzulo omwewo ndalamayo yachotsedwa. Mu akaunti mwatsala R84,000.

Lachiwiri mtengo watsikanso ndi R100. Zachoka R20,000, kwatsala R64,000. Tsopano pabuka vuto lina: makontirakiti awiri amafuna chikole cha R80,000, ndipo iye wapereweza R16,000. Buloka akumuimbira foni. Foni imeneyi sikhala ya malonje. Amangonena kuti ndalamayo ifike tsiku lotsatira la ntchito, apo ayi atseka malondawo. Munthu wathu alibe R16,000 yomwe angapeze usiku umodzi.

Lachitatu m'mawa msika ukutsegula mtengo uli pansi ndi R120 ina, chifukwa si iye yekha amene anaimbiridwa foni dzulo, ndipo onse okakamizidwa kugulitsa akugulitsa nthawi imodzi. Buloka akutseka makontirakiti ake pa R3,700. Zachokanso R24,000. Watsala ndi R40,000, tisanachotse ndalama za buloka.

Chimanga chatsika ndi 7.5 peresenti basi. Iye wataya 60 peresenti ya ndalama zake. Chikanatsika ndi R500, yomwe ndi 12.5 peresenti, sakanatsala ndi kalikonse.

Chopweteka kwambiri chikubwera. Tinene kuti maganizo ake anali olondola: patapita masabata atatu dzuwa laswa mtengo, mbewu zafota, chimanga chafika R4,300. Akanakhala adakali mkati akanapindula R60,000. Koma sali mkati. Munthu amene wagula matumba enieni n'kuwasunga m'nyumba akhoza kuona mtengo ukutsika, n'kukhala chete, n'kudikira. Wa fyucha alibe mwayi wodikira pokhapokha ali ndi ndalama yolipira madzulo alionse. Pamsika umenewu sikokwanira kudziwa komwe mtengo ukupita. Uyeneranso kupulumuka njira yonse yomwe mtengowo udutse popita kumeneko, ndipo mitengo siyenda mowongoka.

Kubwerera nako n'kovuta kuposa mmene anthu amaganizira. Amene wataya 60 peresenti sabwezeretsa ndi phindu la 60 peresenti. Kuchoka pa R40,000 kufika pa R100,000 kumafuna phindu la 150 peresenti. N'chifukwa chake munthu woluza amayamba kunyamula katundu wamkulu kwambiri pa ndalama zochepa zotsalazo pofuna kubweza msanga, ndipo ulendo wachiwiri umakhala waufupi kuposa woyamba.

Ngakhale mlimi wa ku Free State uja sapulumuka foni ya buloka. Mtengo ukakwera mu February, chimanga chake chikadali m'munda, amafunika kulipira R600 pa tani miyezi ingapo asanakolole. Kusiyana kwake n'kwakuti banki ikhoza kumubwereka, poona kuti mbewu ilipo.

Kodi zikhoza kupitirira chikole?

Zikhoza. Kuluza pa fyucha sikuima pamene ndalama za mu akaunti zathera. Chotsalacho chimasanduka ngongole. Misika ya mbewu ili ndi malire a mmene mtengo ungasunthire pa tsiku limodzi, koma malirewo sateteza munthu mmene zimamvekera. Mtengo ukagunda malire, ofuna kugula amasowa, ndipo wofuna kutuluka amagona mkati mpaka mawa, pomwe mtengo ukhoza kugundanso malire ena.

Chitsanzo chomwe amalonda sadzaiwala ndi cha mafuta a ku America pa 20 April 2020. Mliri wa Covid-19 unali utaimitsa ndege ndi magalimoto, matanki osungira mafuta ku Cushing m'boma la Oklahoma anali atatsala pang'ono kudzaza, ndipo kontirakiti ya mwezi wa May inkatha tsiku lotsatira. Aliyense amene akanakhala nayo mpaka mapeto akanayenera kulandira migolo 1,000 ya mafuta n'kupeza poisunga. Anthu anathamangira kutuluka, ogula panalibe, ndipo mtengo womwe unali pafupifupi madola 18 pa mgolo unatsika kudutsa ziro mpaka kufika madola 37.63 kunsi kwa ziro. Wogulitsa ankachita kulipira kuti wina amulandire katundu. Pa kontirakiti imodzi munthu anataya pafupifupi madola 56,000 tsiku limodzi, pa katundu yemwe dzulo lake anali wa madola 18,000. Panali anthu amene anagula m'mawa wa tsikulo akudziuza kuti mafuta sangatsike kuposa ziro.

Ufulu wogula, ufulu wogulitsa

Opushoni imasiyana ndi fyucha pa mfundo imodzi yaikulu. Pa fyucha onse awiri amangidwa. Pa opushoni wamangidwa mmodzi yekha, wogulitsa opushoniyo. Wogula ali ndi ufulu wosankha, ndipo amalipira ufuluwo ndi ndalama yotchedwa pulimiyamu, yomwe sibwerera, monga mmene ndalama ya inshulansi ya galimoto sibwerera chaka chikatha popanda ngozi. Ufulu wodzagula pamtengo wokhazikika amautcha kolo, ngati uja linagula boma la Malawi. Ufulu wodzagulitsa amautcha puti.

Tibwerere kwa munthu wathu uja asanaluze. M'malo mwa fyucha, akugula kolo imodzi yomupatsa ufulu wogula matani 100 pa R4,000, ndipo pulimiyamu yake ndi R150 pa tani, kutanthauza R15,000. Mvula ya Lolemba ndi Lachiwiri ija ikagwa, opushoni yake itsika mtengo, koma sangataye zoposa R15,000 zija, ndipo akadali mkati pamene dzuwa likubwera. Tsiku lomaliza chimanga chikakhala pa R4,500, ufulu wake ndi wa R500 pa tani. Kuchotsa R150 ya pulimiyamu, wapindula R35,000. Chikakhala pa R3,900, ufulu wogula pa R4,000 ulibe ntchito, ndipo R15,000 yapita yonse.

Pakati apa m'pamene pali msampha. Chimanga chikathera pa R4,100, munthuyu analosera bwino, mtengo unakweradi, komabe wataya R5,000, chifukwa ufulu wake ndi wa R100 pomwe anaugula R150. Kuti angobweza ndalama yake mtengo uyenera kufika R4,150, ndipo uyenera kufika tsiku lomaliza lisanadutse. Tsiku lililonse lomwe mtengo wangokhala phee, opushoni imachepa mphamvu pang'ono, chifukwa nthawi yoti chinachake chichitike ikutha, ndipo kuchepako kumathamanga kwambiri m'masabata omaliza. Pulimiyamu imakweranso anthu akachita mantha. Amene akugula kolo tsiku lomwe wailesi iliyonse ikukamba za chilala amalipira mtengo wa manthawo, ndipo mantha akatha opushoni yake ikhoza kutsika ngakhale chimanga chisanasunthe.

Kwa mlimi, puti ndi chida chabwino kwambiri. Akalipira pulimiyamu amakhala ndi mtengo wapansi womwe sangautsike, koma mtengo ukakwera phindu ndi lake. Kwa munthu wongoyesa mwayi, mawu akuti "sungataye zoposa pulimiyamu" ndi oona koma amanyenga. Amene waika R100,000 yake yonse m'maopushoni otsika mtengo, otsala ndi sabata imodzi kuti athe, sangataye zoposa R100,000, inde, koma mpata woti ataye yonseyo ndi waukulu. Maopushoni otere amatchipa chifukwa msika ukudziwa kuti ambiri mwa iwo athera pachabe.

Nanga wogulitsa opushoni? Iye amalandira R15,000 ija tsiku loyamba, ndipo nthawi zambiri amaisunga. Mwezi ndi mwezi ndalama imalowa, munthu n'kuyamba kudziona ngati katswiri. Koma phindu lake lalikulu ndi R15,000 yomweyo, pomwe kuluza kwake kulibe denga. Chimanga chikafika R6,000, wogulitsa kolo ya R4,000 ataya R200,000 pa kontirakiti yomwe inamupatsa R15,000, ndipo iye amaimbiridwa foni ya chikole ngati wa fyucha.

Umu ndi mmene inagwera Barings, banki ya ku London yomwe inakhazikitsidwa mu 1762. Wantchito wake wa ku Singapore, Nick Leeson, ankagulitsa makolo ndi maputi omwe pa Nikkei 225, mlingo wa masheya a ku Japan, kutanthauza kuti ankapindula msika ukangokhala osasuntha kwambiri. Zoluza zake ankazibisa mu akaunti ya nambala 88888. Pa 17 January 1995 chivomerezi chinagwedeza mzinda wa Kobe, masheya anatsika, ndipo m'malo motuluka iye anagula mafyucha ochuluka poganiza kuti msika ubwerera. Akuluakulu a ku London ankangotumiza ndalama za chikole osafunsa mokwanira. Pofika kumapeto kwa February bankiyo inali itataya mapaundi 827 miliyoni, ndipo inagulitsidwa kwa ING ya ku Netherlands pamtengo wa paundi imodzi. Leeson anachita chinyengo ndipo anamangidwa, koma masamu omwe anagwetsa bankiyo ndi omwe aja a munthu wa R100,000.

Pafoni m'Limbe ndi ku Area 25

Owerenga ambiri sadzagulapo kontirakiti ya SAFEX. Koma achinyamata ambiri m'matauni athu ali ndi pulogalamu ya MetaTrader pafoni, ndipo amati akuchita "foreksi". Zomwe amagula kumeneko kawirikawiri si mafyucha a pamsika. Ndi mgwirizano ndi buloka wakunja wolipirana kusiyana kwa mtengo, wotchedwa CFD. Palibe bungwe loima pakati, ndipo nthawi zina amene amapindula iwe ukaluza ndi buloka yemweyo. Koma chikole ndi livareji zimagwira ntchito chimodzimodzi, kungoti mlingo wake ndi woopsa kwambiri. Munthu wa chimanga uja ananyamula katundu woposa ndalama zake kasanu n'katatu. Mabuloka ena amalengeza 1:500.

Tiyeni tiwerengere. Mnyamata waika madola 100. Akutsegula malonda a `EURUSD` pa 1.1000, kukula kwake `0.40`. Nambala yooneka yaing'onoyi ikutanthauza mayuro 40,000, omwe ndi madola 44,000. Pa 1:500 chikole chake ndi madola 88, ndiye foni ikumulola. Mtengo ukasuntha ndi pipu imodzi, kuchoka pa 1.1000 kufika pa 1.0999, iye wataya madola 4. Mapipu 25 akwana kumaliza madola 100 onse, ndipo mapipu 25 ndi kusuntha kosafika kotala ya peresenti imodzi. Yuro ndi dola zimasuntha kuposa pamenepo pafupifupi tsiku lililonse, nthawi zina mu ola limodzi.

Sadzafika n'komwe pa mapipu 25. Pansi pa sikirini pali mzere wolembedwa `Margin Level`, womwe ndi ndalama zomwe watsala nazo poyerekeza ndi chikole. Mabuloka ambiri amatseka okha malonda mzerewu ukatsika kufika pa mlingo wina, tinene 50 peresenti. Theka la madola 88 ndi 44, ndiye akangotaya madola 56 kompyuta itseka, ndipo madola 56 ndi mapipu 14. Kuno kulibe foni ya buloka, kulibe mawa. Onjezaninso kuti mtengo wogulira ndi wogulitsira amasiyana, moti ngakhale kusiyanako kutakhala pipu imodzi yokha, mnyamatayu wayamba ali ndi madola 96. Akhoza kulowa m'bafa akaunti ili moyo n'kutuluka itatha, popanda nkhani iliyonse yaikulu padziko.

Aphunzitsi a foreksi a pa WhatsApp amayankha kuti, "Ikani `Stop Loss`, bwana, simungapse." Ndi malangizo abwino ndithu, ndipo aliyense wochita malondawa ayenera kuwatsata, koma ali ndi malire awiri. Pa livareji yaikulu chonchi, mzere wotulukira umakhala pafupi kwambiri moti kugwedezeka wamba kwa msika kumaugunda, ndipo munthu amaluza pang'onopang'ono kakhumi m'malo moluza kamodzi. Komanso `Stop Loss` ndi lamulo loti agulitse pamtengo wopezeka, osati lonjezo la mtengo womwe unalemba. Pa 15 January 2015 banki yaikulu ya ku Switzerland inasiya mwadzidzidzi kugwira ndalama yake pa 1.20 poyerekeza ndi yuro, mlingo womwe inausunga kuyambira 2011. M'mphindi zochepa mtengo unadumpha ndi maperesenti oposa 20, ndipo pakati pake panalibe wogula. Malamulo otulukira anagwira ntchito kutali kwambiri ndi pomwe anthu anawaika. Makasitomala a buloka wina wamkulu, FXCM, anatsala ndi ngongole zokwana pafupifupi madola 225 miliyoni, ndipo Alpari ya ku Britain inagwa.

Pali masamu amodzi omwe munthu angachite pakapepala asanadine batani, ndipo m'maganizo mwanga ndi ofunika kuposa mizere yonse yomwe amajambula pa matchati:

```
L = katundu yense / ndalama za mu akaunti
100 / L = peresenti yomaliza akaunti
```

Nambala ya 1:500 yomwe buloka amalengeza imangonena malire a zomwe angakulole. Yofunika ndi L, livareji yomwe wadzisankhira wekha ndi kukula kwa malonda ako. Wa chimanga uja L yake inali 8, ndipo 12.5 peresenti inali yokwana kumumaliza. Mnyamata wa pafoni L yake ndi 440. Akanatsegula `0.01` m'malo mwa `0.40`, katundu wake akanakhala madola 1,100, L ikanakhala 11, ndipo yuro ikanafunika kutsika ndi 9 peresenti kuti imumalize. Yankho likapezeka, funso lotsatira ndi lakuti katunduyu amasuntha bwanji pa tsiku wamba komanso pa tsiku loipa. Ngati peresenti yomaliza akaunti ili yochepa kuposa kusuntha kwa tsiku wamba, luso lolosera silikugwiranso ntchito. Akauntiyo itha, chosadziwika ndi ola lake.

Chovuta n'chakuti pa `0.01` pipu imodzi ndi masenti 10, ndipo tsiku labwino limabweretsa madola awiri kapena atatu. Palibe amene angalipire lendi ndi ndalama imeneyo. Apa m'pamene ndimaona gwero lenileni la vutoli: munthu wa madola 100 amene akufuna malipiro a mwezi kuchokera pa madola 100 amenewo alibe njira ina koma livareji yoopsa, ndipo malonda a mabuloka amalunjika kwa munthu ameneyu.

Mu 2018 bungwe loyang'anira misika ya ndalama ku Ulaya, ESMA, litaona ziwerengero zochokera m'mayiko osiyanasiyana, linapeza kuti pakati pa 74 ndi 89 peresenti ya maakaunti a anthu wamba ochita ma CFD amaluza. Linalamula kuti livareji ya anthu wamba isapitirire 30:1 pa ndalama zikuluzikulu ngati yuro ndi dola, 10:1 pa katundu ngati mafuta, ndi 2:1 pa ndalama za kiripito. Kuti kasitomala asaluze zoposa zomwe anaika. Komanso kuti buloka aliyense azilemba poyera peresenti ya makasitomala ake omwe amaluza. Makampani ambiri anatsatira lamulolo ku Ulaya, n'kutsegula nthambi zina kuzilumba ngati Seychelles ndi Saint Vincent, komwe malamulo ndi ofewa. Munthu wolembetsa ali ku Blantyre, Lusaka kapena Tete kawirikawiri amagwera kunthambi zimenezo, ndipo dzina la nthambi yomwe wasainirana nayo limalembedwa m'timalemba ting'onoting'ono pansi penipeni pa tsamba la buloka.